Mombera, Mbelwa, M'mbelwa: Mfumu Imodzi, Maina Ambiri

Mu 2015 ku Mzimba kunaikidwa mwala wa maziko a sukulu ya ukachenjede yomwe inapatsidwa dzina loti Mombera. Patadutsa zaka zingapo boma linasintha dzinalo n'kuitcha Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Munthu wosadziwa mbiri ya Angoni akanayesa kuti ulemu walandidwa kwa wina n'kupatsidwa kwa wina. Chonsecho Mombera ndi M'mbelwa ndi dzina limodzi, ndipo woyamba kulitenga anali mwana wa Zwangendaba, mfumu ya Angoni a kumpoto kwa Malawi, yemwe anamwalira mu 1891. M'mabuku mfumu yomweyi imapezekanso ngati Mbelwa, Mmbelwa ndi M'Mbelwa, pomwe akuluakulu osunga mbiri ya banja lachifumu amaitchulanso Mhlahlo.

Wophunzira amene wapatsidwa ntchito yolemba za mfumuyi amasokonezeka msanga. Atsegula buku lina apeza Mombera akukambirana ndi amishoni. Atsegula lina apeza Mbelwa akuchita zomwezo, pamalo omwewo, chaka chomwecho. Afunafuna dzina la M'mbelwa kumapeto kwa buku lakale, pamndandanda wa maina, osalipeza, ndiye n'kubweza bukulo pashelefu poganiza kuti mulibe kanthu, pomwe mutu wathunthu ukukamba za munthu yemweyo. Maina amenewa sanangobwera mwangozi. Lililonse lili ndi kumene linachokera, ndipo wodziwa kuwawerenga amatha kuuza kuti amene analemba anali wa mtundu wanji, anamva dzinalo kwa yani, komanso analemba m'nyengo iti.

Zwangendaba anachoka kumwera, m'dera lomwe lero ndi KwaZulu-Natal, a Ndwandwe atagonja kwa Shaka cha m'ma 1819. Anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo anakamwalirira ku Mapupo m'dziko la Afipa, ku Tanzania ya masiku ano, cha m'ma 1848. Iye atamwalira mtunduwo unagawikana. Mpezeni anakakhazikika kudera la Chipata, ndipo M'mbelwa ndi abale ake, Mtwalo, Mpherembe ndi Mabulabo, anakhazikika m'dera lomwe lero ndi Mzimba. Paulendo wonsewo panalibe mlembi. Maina ankasungidwa pakamwa, m'zithokozo, m'nyimbo za ingoma ndi m'nkhani za madoda pabwalo. Choncho dzina la mfumu linayamba kulembedwa ndi alendo, anthu omwe makutu awo anazolowera zinenero zina.

Alendowo anali amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland. Iwo anasamukira ku Bandawe mu 1881, pakati pa Atonga, ndipo Atongawo ndiwo ankawauza zambiri za mfumu yakumapiri yomwe ankhondo ake ankatsikira kunyanja. Mu 1882 William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera ku Lovedale, anakakhala ku Njuyu pafupi ndi mudzi wa mfumuyo. Koyi ankamvana ndi Angoni chifukwa chinenero chake n'chapachibale ndi chawo. Mu 1885 kunabwera dokotala Walter Angus Elmslie, yemwe mu 1899 anatulutsa buku lotchedwa Among the Wild Ngoni. M'bukumo mfumu ndi Mombera, mchimwene wake wa ku Ekwendeni ndi Mtwaro, ndipo bambo awo ndi Zongandaba.

Kuti Mombera abadwe kuchokera ku M'mbelwa panachitika zinthu zitatu, ndipo chilichonse mwa izo munthu wolankhula Chichewa akhoza kuchiyesa ndi pakamwa pake.

Choyamba chili pachiyambi pa dzinalo. Mu M'mbelwa muli ma m awiri, ndipo woyambayo amatchulidwa payekha, milomo ili yotseka, monga mmene zimakhalira ponena kuti m'mudzi kapena m'mawa. Kwa Mchewa, Mtumbuka kapena Mngoni palibe chovuta pamenepa. Koma Chingerezi chilibe mawu oyamba motero. Mzungu akamva phokoso lotere amachita chimodzi mwa ziwiri. Mwina amamva ngati pakati pa ma m awiriwo pali liwu lotsegula pakamwa, n'kuikapo o, ndiye kutuluka Mombera. Apo ayi amaona ngati m mmodzi ndi wokwanira, n'kutaya winayo, ndiye kutuluka Mbelwa. Kachizindikiro kamene timaika pakati pa ma m awiriwo masiku ano kamauza wowerenga kuti m woyambayo aime payekha.

Chachiwiri ndi nkhani ya l ndi r. Chingoni, monga Chizulu, chinkagwiritsa ntchito l. M'Chichewa, l ndi r ndi phokoso limodzi lomwe limamveka mosiyanako malinga ndi pomwe lagwera, ndipo aliyense amadziwa kuti kunena kuti Lilongwe kapena Rirongwe sikusintha mzinda. Malamulo a kalembedwe omwe bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 anati r azilembedwa pambuyo pa e ndi i, ndipo l azilembedwa pena ponse. N'chifukwa chake timalemba kulemera, kulira, koma kulola. M'dzina la M'mbelwa, l wabwera pambuyo pa e, pamalo penipeni pomwe lilime la anthu a kuno limakonda kugubuduza r. Zomwezi zinachitikira chiwongo cha banja lachifumu: ku South Africa ndi Jele, ku Malawi ndi ku Zambia ambiri amalemba Jere. Banja ndi lomwelo.

Apa m'pofunika kuwachitira chilungamo amishoni aja, chifukwa si zonse zinali vuto la khutu la mzungu. Pomwe Elmslie ankafika, Chingoni chinali chitayamba kale kuchepa mphamvu m'midzi ya Angoni enieniwo. Ankhondo anakwatira akazi achitumbuka, achisenga ndi achichewa, ndipo ana ankakula akulankhula chinenero cha amayi awo. Choncho ngakhale pabwalo la mfumu dzina lake silinkatuluka mofanana pakamwa pa aliyense. Nduna yokalamba yomwe inaoloka Zambezi ili mwana inkalitchula mwa njira yake, mdzukulu wake wolankhula Chitumbuka mwa njira inanso, ndipo msodzi wa ku Bandawe mwa njira yachitatu. Wolemba analemba zomwe anamva kwa amene anali naye pafupi.

Chachitatu ndi w yemwe wasoweka kumapeto. Kuphatikiza kwa l ndi w, monga m'mawu oti kulwa kapena kubalwa m'zinenero zoyandikana nafe, n'kwachilendo kwa Mngerezi, ndipo pakulankhula mofulumira w ameneyu samveka kwambiri. Iye atagwa, lwa anasanduka ra. Dzina la bambo ake linaona zofananazo kumayambiriro: Zwa anasanduka Zo, n'kutuluka Zongandaba ndi Zongendaba. Pa dzina limeneli chinenero chenichenicho chimathandiza kudziwa kalembedwe koyandikira gwero. M'Chizulu ukuzwa ndi kumva, ndipo indaba ndi nkhani, kotero Zwangendaba ndi dzina lokhala ndi tanthauzo, lonena za kumva kudzera m'nkhani zobwera ndi ena. Zongandaba alibe tanthauzo lotero. Palinso kalembedwe kena komwe kamamveka kwambiri kumpoto, Zwangendaŵa. Apa b wa Chingoni wafewa kukhala ŵ, monga mmene abantu a Chizulu alili ŵanthu m'Chitumbuka. Ndipo m'mabuku a ku South Africa dzinali limayamba ndi u, uZwangendaba, chifukwa Chizulu chimaika u patsogolo pa dzina la munthu.

Chodabwitsa n'chakuti Elmslie Chingoni ankachidziwa. Mu 1891 anasindikiza buku la malamulo a chinenerocho. Nanga analekeranji kukonza dzina la mfumu? Yankho lomveka n'lakuti dzina likangosindikizidwa limauma. Anthu a m'mipingo ya ku Scotland, omwe ankasonkha ndalama za mishoni, anali atawerenga za Mombera m'makalata ndi m'malipoti kwa zaka zambiri. Kusintha kalembedwe kukanawachititsa kuganiza kuti kwabwera mfumu ina. Boma la atsamunda linatengera pomwepo. Angoni a kumpoto atalowa pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1904, pamsonkhano wa Alfred Sharpe ndi mafumu ku Ekwendeni, dera lonse linatchedwa boma la Mombera, lomwe pambuyo pake linadzatchedwa Mzimba. Kuyambira pamenepo dzinali linali pa zidindo, pa mapu ndi pa ziphaso za msonkho. Ngakhale anthu ophunzira, monga Yesaya Chibambo ndi Charles Chinula, atakhazikitsa bungwe lomenyera ufulu wa anthu a deralo cha m'ma 1920, analitcha Mombera Native Association. Iwo dzina la mfumu yawo ankalitchula bwino lomwe, koma polembera boma ankagwiritsa ntchito dzina lomwe boma linkalidziwa.

Mbadwo wotsatira wa olemba unayesa kuyandikira katchulidwe ka eni ake. Margaret Read, yemwe anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 n'kutulutsa buku la The Ngoni of Nyasaland mu 1956, analemba Mbelwa ndi Zwangendaba. Olemba a pambuyo pake, pamodzi ndi khonsolo ya boma la Mzimba yomwe imadziwika ndi dzina la mfumuyi, amalemba M'mbelwa. Motero kalembedwe kokha kamapereka chithunzi cha nthawi. Pepala lonena za Mombera kawirikawiri ndi la amishoni oyamba kapena la boma la atsamunda, kapena wolemba wake anakopera kwa iwo. Lonena za Mbelwa nthawi zambiri ndi la akatswiri a pakati pa zaka za m'ma 1900.

Malamulo a kalembedwe nawonso akhala akusintha, ndipo akasintha amakoka maina a anthu omwe anamwalira kalekale. Panali nthawi yomwe mabuku a Chinyanja ankalemba c pomwe lero ku Malawi timalemba ch, ndipo ku Zambia kalembedwe kameneka kakadalipo. N'chifukwa chake Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, amapezeka ngati Cikusi m'mabuku ena ndi Chikusi m'ena. Chilembo cha h chosonyeza mpweya wotuluka mwamphamvu chinkasiyidwa ndi olemba akale ambiri, ndiye pali Mperembe ndi Mpherembe, pali Ntara ndi Nthara kwa mlembi wa Mbiri ya Achewa, ndipo pali Inkosi ya Makosi ndi Inkosi ya Makhosi. Apwitikizi anali ndi njira yawoyawo. Iwo k amamulemba ndi c kapena qu, kotero Kazembe wa ku Luapula, yemwe Lacerda anafika m'dziko lake mu 1798, m'mabuku awo ndi Cazembe. Soshangane, yemwe anathawa Shaka nthawi imodzi ndi Zwangendaba n'kukhazikitsa ufumu wa Gaza ku Mozambique, ankadziwikanso kuti Manukosi, ndipo Apwitikizi analemba Manicusse. Munthu woona Soshangane ndi Manicusse pamasamba awiri osiyana sangalote kuti ndi munthu mmodzi.

Chitsanzo cha Soshangane chikutsegula nkhani ina, yomwe siyokhudza makutu kapena zilembo. Munthu wa nthawi imeneyo ankakhaladi ndi maina angapo. Pali dzina la paubwana, pali la paukulu, pali chiwongo, pali maina a m'zithokozo omwe mfumu inkatamandidwa nawo pabwalo, ndiponso dzina la bambo lomwe Angoni ankalumikiza ndi ka, kutanthauza mwana wa uje. Mwambo waulemu unkaletsanso anthu ena, makamaka akazi okwatiwa m'banjamo, kutchula dzina lenileni la apongozi kapena la mfumu. Choncho mlendo akafunsa kuti mfumu yanu ndani, yankho linkadalira amene wafunsidwa. M'mbelwa woyamba ndi Mhlahlo. Mpezeni woyamba ndi Ntuto. Palibe dzina labodza pamenepa, ndipo wolemba amene anamva limodzi lokha sanalakwe, anangomva mbali imodzi.

Koma msampha woopsa kwambiri ndi wotembenuka: dzina limodzi, anthu ambiri. Kwa Achewa izi si zachilendo, popeza wolowa ufumu amalowanso dzina, ndipo Kalonga, Undi, Lundu ndi Mwase akhala maina a anthu ambirimbiri motsatizana. Jumbe wa ku Nkhotakota nayenso sanali munthu mmodzi. Kwa Angoni a ku Mzimba dzina la M'mbelwa linayamba ngati la munthu, kenako linasanduka la mpando. Lazaro Jere anakhala M'mbelwa II mu 1928 ndipo anamwalira mu 1959. M'mbelwa IV, yemwe anamwalira mu 2013, dzina lake lenileni linali Zwangendaba Jere, kotero ngakhale dzina la kholo lija lili ndi eni ake oposa mmodzi. Lero pampando pali M'mbelwa V. Manambala amenewa anabwera mochedwa, ndipo mapepala akale alibe.

Tsono tiyerekeze kuti wofufuza ali ndi mapepala anayi patebulo. Loyamba likuti Mombera analola amishoni kukhala ku Njuyu. Lachiwiri likuti mfumu ya Angoni a kwa Mombera inakana kupereka amtengatenga pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Lachitatu likunena za msonkho wotoleredwa ku Mombera. Lachinayi likuti Mbelwa anatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Wongoyang'ana zilembo anganene kuti mapepala atatu oyambawo ndi a munthu mmodzi, ndipo lachinayi ndi la wina. Atero walakwa.

Chofunika kuyang'ana poyamba ndi chaka. Za ku Njuyu zinachitika m'zaka za m'ma 1880, M'mbelwa woyamba ali moyo. Umboni wina ndi anthu omuzungulira: ngati pepalalo likutchula Koyi, Elmslie kapena Mtwaro ngati mchimwene wa mfumu, palibenso chikaiko. Pepala lachiwiri ndi la 1915, patapita zaka 24 mfumu ija itaikidwa m'manda. Wokana kupereka amtengatenga anali mwana wake, Chimtunga, yemwe boma la atsamunda linamuchotsa pampando n'kumupititsa kummwera kwa dziko. Chimtunga analamulira Angoni a kumpoto, komabe pa kuwerenga kwa manambala sapezeka, chifukwa M'mbelwa II ndi mwana wake Lazaro. Wowerenga mndandanda wa I, II, III mosasamala amadumpha m'badwo wathunthu, n'kuyesa kuti Lazaro anali mwana wa M'mbelwa woyamba pomwe anali mdzukulu. Pepala lachitatu silikunena za munthu n'komwe, likunena za boma. Lachinayi ndi la m'zaka za m'ma 1950, ndiye Mbelwa wake ndi Lazaro. Mapepala anayi aja ali ndi mafumu atatu ndi dera limodzi. Ndipo buku la Read likamakamba za Mbelwa mwana wa Zwangendaba, ameneyo ndi Mombera wa pepala loyamba, ngakhale zilembo zikufanana ndi za pepala lachinayi.

Njira yake ndi yomwe agogo amagwiritsa ntchito mlendo akafika pakhomo n'kutchula dzina lomwe m'mudzimo muli anthu atatu olidziwika nalo: amafunsa kuti mwana wa yani, wa mudzi uti, wobadwa liti. Zinthu zitatu zimenezi zikagwirizana m'mabuku awiri, munthuyo ndi mmodzi ngakhale maina atasiyana ngati Soshangane ndi Manicusse. Chimodzi chikasemphana, makamaka chaka, m'pofunika kuima kaye ngakhale zilembo zitafanana ndendende.

Kwa Maseko kuli chitsanzo chowawa cha zomwezi. Chikuse anamwalira mu 1891. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anagwira mfumu ya Angoni a ku Ntcheu n'kuipha. Mfumuyo inali Gomani, mwana wa Chikuse, koma zolemba zina za azungu a nthawiyo zimaitchula Chikusi, chifukwa iwo anazolowera kutcha dziko lonselo ndi wolilamulira dzina la mfumu yomwe anaidziwa poyamba. Wokopera zolembazo osafufuza amapha Chikuse kawiri, ndipo Gomani, yemwe Angoni amamukumbukira mpaka lero chifukwa cha imfa imeneyo, amasowa m'nkhani yakeyake.

Pali anthu omwe akamasindikizanso mabuku akale amafuna kuchotsa Mombera paliponse n'kuikapo M'mbelwa, poti kumeneko ndiko kulemekeza mfumu. Cholinga n'chabwino, koma ntchitoyo imafafaniza umboni. Mombera wa m'buku la Elmslie amatiuza za njira yomwe dzinalo linadutsa, kuchokera pakamwa pa Angoni, kudzera kunyanja, mpaka kumakina osindikizira a ku Scotland. Kuwonjezera apo, wosintha mwachisawawa adzasandutsa boma kukhala munthu, ndipo bungwe la Chibambo ndi Chinula adzalipatsa dzina lomwe eni ake sanalilembepo. Olemba mbiri osamala amachita motere: m'mawu awoawo amasankha kalembedwe kamodzi, kamene eni dzina amagwiritsa ntchito lero, n'kukasunga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamalo oyamba pomwe dzinalo latchulidwa amauza wowerenga maina ena omwe angakumane nawo. Koma akamabwereza mawu a m'kalata yakale, kapena dzina la bungwe ndi la boma, amasiya mmene zinalembedwera.

Wofufuza kumalo osungira zolemba zakale ku Zomba, kapena pa makina a intaneti, amayenera kuyamba walemba papepala maonekedwe onse a dzina lomwe akulifuna. Makina amafufuza zilembo zomwe apatsidwa basi, ndipo kachizindikiro ka mu M'mbelwa kokha n'kokwanira kubisa masamba ambiri. Asinthe l ndi r, achotse h ndi kumubwezera, ayese c m'malo mwa ch ndi k, ayese z ndi s monga mu Mpezeni ndi Mpeseni, ndipo dzina loyamba ndi m kapena n wotsatana ndi chilembo china aliyese poikapo o, u kapena a pakati. Pa mndandanda wa maina kumapeto kwa buku, mfumu ya ku Mzimba ija iyenera kufunidwa pa Mb, pa Mm ndi pa Mo, ndipo bambo ake pa Zo, pa Zw, ngakhalenso pa U.